Amuna anga akudwala dipuleshoni, koma geni yanga sindinasiye

Nkhaniyi ndikulembera inu amene mukugona nyumba imodzi ndi munthu wodwala matenda okhumudwa, aja kuchipatala amati dipuleshoni, kaya ndi amuna anu kaya ndi akazi anu. Munthu akadwala malungo kapena akathyoka mwendo anthu amabwera kudzazonda, wina ndi kaufa wina ndi kamtolo ka nkhuni, ndipo gadiyani naye amafunsidwa kuti mwadzuka nawo bwanji odwalawa. Koma matenda awa palibe amabwera, chifukwa munthuyo akuyenda, alibe bala, thupi silikutentha, ndiye iwe wosamalira umangosenza wekha mwakachetechete mpaka tsiku lina umapezeka kuti nawenso wayamba kugwa. Zimene ndikufuna kunena ndi zoti pa matendawa pali ntchito imene ili yako ndipo pali imene si yako, ndipo ukazisakaniza mumamira nonse awiri.

Ife timakhala cha pakati pa Ngabu ndi Bangula, kufupi ndi mseu waukulu. Bambo akunyumba ndi mlimi wa thonje ndi mapira, anali ndi mbuzi zawo, ine ndimapanga geni ya nsomba zouma, milamba ndi makakana, ndimakaoda kudoko nkumagulitsa pamsika. Madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatitengera mbuzi, mapira onse, ndi khoma limodzi la nyumba, chonsecho tinali tisanachire bwinobwino za namondwe wina uja wotchedwa Ana wa mu Januwale 2022. Chodabwitsa nchoti nthawi ya madziyo bambowa anali olimba kuposa tonse, ndi amene ankanyamula ana a eni pamapewa, kukampu kusukulu ankaseketsa anthu. Matenda anabwera mochedwa, madzi ataphwa, anzawo atayamba kutsikira kudimba kukabzala mbatata ndi chimanga. Iwo sanatsike.

Zinayamba ndi tulo. Ankagona bwino madzulo koma ikangokwana cha m'ma 3 koloko m'bandakucha maso gwa, kungoyang'ana kudenga mpaka kucha. Nsima ankadya mbamu ziwiri nkusamba m'manja. Bawo imene ankaikonda moti ndinkachita kuwatumizira mwana kukawaitana, anaisiya. Kutchalitchi anasiya. Wailesi ikamalira mpira ankangoti zimitsani. Kenako kukwiya pa zinthu zazing'ono, mwana akagwetsa kapu zimakhala ngati wapha munthu, akatero nkukhala chete tsiku lonse pansi pa mtengo wa nimu mutu uli pansi. Iwo sankanena kuti ndakhumudwa ayi, azibambo ambiri satero, ankati mutu ukutentha, mtima ukuthamanga, thupi lonse kuphwanya. Kuyeza malungo, palibe. Shuga, bwinobwino. Magazi, bwinobwino. Panado yekhayekha.

Anthu ndiye anali ndi mayankho awo. Ena ulesi, ena alodzedwa chifukwa thonje lawo linkachita bwino, ena anandinong'oneza kuti mayi fufuzani pali mkazi wina. Ena ankati ndi kutentha, poti kunoko Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira madigiri 40 ndipo aliyense amafooka. Koma kufooka kwa dzuwa kumatha madzulo, munthu akasamba amayamba kucheza. Chisoni cha katundu wotayika nachonso chimabwera nkumapita, munthu amadandaula koma mwana akachita zoseketsa amaseka. Kusiyana kwake anatiuza anesi oona za matenda a maganizo, kuti munthu akakhala wokhumudwa kapena wosakondwa ndi china chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposa, nkuphatikizapo kusagona, kusadya, kutopa, kudziona wachabechabe, mpaka ntchito kuima, amenewo ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala.

Kuti tifike kwa anesiwo panali nkhondo, chifukwa bambowa akangomva za maganizo ankaganiza za ku Zomba, kuchipatala cha amisala, ankati mukufuna mukanditsekere. Zoona zake nzoti anthu ambiri odwala dipuleshoni sagonekedwa nkomwe, amaonedwa pa chipatala cha boma nkubwerera kwawo tsiku lomwelo, ku Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre amatumizako okhawo amene zavuta kwambiri. Ine sindinatchule mawu oti maganizo, ndinangoti tiyeni tikawauze za tuloti. Tulo ankavomereza kuti ndi vuto. Ndipo mukafika musangoima pa mzere nkunena kuti mutu, mudzabwerako ndi panado, nenani kuti tikufuna tionane ndi oona za matenda a maganizo, ndipo inu wosamalira lowani nawo, chifukwa wodwalayo akafunsidwa amangoti ndili bwino.

Poyamba anawapatsa amitiripitilini, kam'bulu ka mamiligalamu 25 kakumwa usiku, nkumawonjezera pang'onopang'ono. Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amagwa ulesi. Mankhwalawa sagwira ngati a malungo. Zoipa zake zimabwera msanga, kukamwa kuuma, kugona ngati chidakwa m'mawa, chizungulire akadzuka mofulumira, kudzimbidwa, pamene zabwino zake zimatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ziyambe kuoneka, nthawi zina mpaka asanu ndi limodzi. Ndiye sabata yoyamba munthu amati mankhwala anuwa akundiwonjezera matenda, ndipo kunoko ndi kutenthaku kukamwa kouma si masewera. Ndinkaika chigubu cha madzi pambali pa mphasa, ndi kuwauza kuti akadzuka ayambe akhala pansi kaye asanaimirire. Akayamba kupeza bwino ndi pamene pali msampha wina, amati ndachira nkusiya. Anatiuza kuti amwebe kwa miyezi yosachepera 6 atachira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono achipatala, osati kungodula. Kachasu ndi mankhwalawa sizigwirizana, ndipo mowa pawokha umakulitsa matendawa ngakhale munthu amaona ngati ukumugonetsa.

Tsopano nkhani yovuta, imene sindingaidumphe. Usiku wina anati, mayi, inu ndi anawa mukanapepukidwa ine kulibe. Anayankhula mofatsa ngati akunena za mtengo wa thonje. Mawu ngati amenewa musawatenge ngati kudandaula wamba, ndipo musawakalipire kuti mukulankhula zamwano pamaso pa Mulungu, akangokalipiridwa sadzanenanso. Ndinawafunsa mosazungulira, kodi bambo mukuganiza zodzipha? Mwaganiza kuti muchita bwanji? Anthu amaopa kuti ukafunsa ndiye kuti wamupatsa nzeru, si zoona, kufunsa sikubzala ganizolo, kumangotsegula pakamwa. Anandiyankha kuti amaganiza za mankhwala opopera thonje amene anali pa denga la kuchipinda.

Kutacha botolo lija linapita kwa alamu anga, pamodzi ndi tameki wa makoswe ndi zingwe za mbuzi zimene zinatsala zopanda mbuzi. M'nyumba za alimi kuno poizoni amakhala pafupi kuposa shuga, ndipo ganizo lodzipha nthawi zambiri limabwera mwamphamvu kwa kanthawi nkudutsa, ngati chinthucho chili kutali munthu amapulumuka. Tsiku lomwelo tinabwerera kuchipatala osadikira deti, ndipo anesi atamva anasintha mankhwala, anati amitiripitilini munthu akamwa wambiri nthawi imodzi amaononga mtima, ndiye si wabwino kwa amene ali ndi maganizo amenewa. Anawapatsa fuluokisetini wa mamiligalamu 20 wakumwa m'mawa. Mapilitsi onse ndinkasunga ine, ndikuwapatsa la tsiku limenelo basi. Muzisamalanso munthu amene anali wothedwa nzeru akangosintha mwadzidzidzi nkukhala wodekha, kuyamba kugawa zinthu zake, kubweza ngongole, kutsanzikana ndi abale mosadziwika bwino. Ndipo zikachitika kuti wamwa poizoni, musamusanzitse, musataye nthawi ndi mkaka kapena mazira, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo lake kuti adziwe chimene wamwa.

Zimenezi ndiye ntchito yanga: kuchotsa zoopsa, kusunga mankhwala, kukumbukira deti ya kuchipatala, kufunsa funso lija ndikaona kuti nkhope yasintha. Ndi ntchito yooneka, ili ndi poyambira ndi pothera. Imene si yanga ndi kuwasangalatsa. Izi zimapweteka kuvomereza chifukwa ife amayi tinalangizidwa kuti mwamuna akakhala ndwii pakhomo ndiye kuti mkazi walephera penapake, ndiye umaphika nkhuku, umasintha chitenje, umayesa nthabwala, iye osasuntha, iwe nkumadzifunsa kuti ndalakwa chani. Sunalakwe. Matendawa amatseka kukoma kwa zinthu, nkhuku ija kwa iye ndi chimodzimodzi madeya, ndipo ngakhale utavina bwanji sungatsegule ndi iwe. Asodzi a mu Shire amadziwa kuti munthu akamamira sumudumphira kuti akugwire pakhosi, umakhala m'bwato mwako mapazi atalimba nkumupatsira mponda. Bwato langa ine ndi tulo, geni, ndi anthu anga.

Ndiyambe ndi anthu. Bambowa sankafuna kuti wina aliyense adziwe, manyazi, ndipo ndinawamvetsa, koma ndinawauza poyera kuti bambo chinsinsi ichi ndekha sindingachikwanitse, ndiuza anthu atatu ndipo musankhe nawo. Tinagwirizana alamu anga aakulu, ankhoswe a mbali yanga, ndi mayi wina mnzanga wa kukwaya. Osati mudzi wonse, osati gulu la pa WhatsApp la kubanja. Aliyense ndinamupatsa chochita chenicheni, chifukwa ukangoti tithandizeni anthu amangoti tikupemphererani nkumapita. Alamu amabwera tsiku limene ndikupita kudoko, amakhala nawo, nthawi zina osayankhula nkomwe, kungosoka ukonde pambali pawo. Ankhoswe ntchito yawo inali kuyankha achibale, makamaka apongozi anga amene ankafuna kuti tigulitse njinga tipite kwa asing'anga kutsidya. Ine kukangana ndi apongozi sindikanatha, koma ankhoswe anawauza mwaulemu kuti mayi, pempherani, chitani zimene mtima wanu ukufuna, koma mapilitsi asasiye ndipo njinga isagulitsidwe. Mnzanga wa kukwaya ndi wanga ine, si wa odwala ayi. Kwa iye ndimatha kunena kuti lero ndatopa nawo, lero sindikuwafuna nkomwe, iye osandiweruza. Mawu amenewo amafunika potulukira, ukawameza amasanduka nkhanza kwa ana.

Geni. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri ndikamacheza ndi amayi anzanga. Munthu akadwala chonchi mtima umati siya zonse ukhale naye, ndipo pa masiku oopsa aja zoona sasiyidwa yekha, koma osasiyidwa yekha sikutanthauza kuti akhale ndi iweyo maola onse. Ndikanasiya nsomba bwenzi pakhomo palibe ndalama ya ufa, ya thiransipoti yopitira kuchipatala, ngakhale yogula mankhwala ku famase mwezi umene kuchipatala atha, poti zimachitika. Komanso pamsika ndi pamene ndimakhala munthu, ndimakangana mitengo, ndimaseka ndi anzanga, palibe amandiona ngati gadiyani. Mpamba ndinaupatula, uli pa foni yanga ndipo pini ndimaidziwa ndekha, phindu ndi limene limalowa m'nyumba. Ku banki m'khonde sindinatenge ngongole yoti bambo ayambire bizinesi kuti mwina asangalale, ngakhale anthu anandilangiza choncho, chifukwa munthu amene akulephera kusamba sangayendetse bizinesi, ikagwa ndiye kudziona wachabechabe kuja kumawonjezeka, ngongole nkutsala pa dzina lako.

Tulo ndiye tinachita kukambirana masana, osati usiku. Iwo akadzuka 3 koloko ankafuna munthu woti amve maganizo awo, ngongole, mbuzi, khoma, zomwezomwezo kuzungulira, ndipo nkhani za nthawi imeneyo sizitha bwino, chilichonse chimaoneka chakuda. Ndinati bambo, mukaganiza zodzipweteka ndidzutseni nthawi ina iliyonse, ngakhale kakhumi, koma ngati ndi nkhani ya mbuzi tidzakambirana tikamwa tiyi. Poyamba anakhumudwa. Koma lamuloli linatithandiza tonse, chifukwa iwo anadziwa kuti khomo lili lotsegula pa zoopsa, ine nkumagona. Masiku otentha kwambiri ndimatenga mphasa ndi neti nkukagona pakhonde ndi ana, si kuthawa banja, ndi kugona basi.

Pali nkhani ya kuchipinda imene anthu sanena. Matendawa amachotsa chilakolako, ndipo fuluokisetini nayenso kwa anthu ena amachepetsa. Mkazi umayamba kuganiza kuti sindikukomanso kapena zija ananena anthu za mkazi wina nzoona, mwamuna naye amachita manyazi nkumagona moyang'ana kukhoma. Ife tinakafunsa limodzi kwa anesi, ine ndi amene ndinayambitsa poti iwo sakanatha, ndipo kungomva kuchokera kwa achipatala kuti zimachitika ndipo zimabwerera kunachotsa mpeni umene unali pakati pathu. Musasiye mankhwala mobisa chifukwa cha ichi, kanene, ali ndi njira zosinthira.

Malire ena ndi a pakamwa ndi manja. Matenda amafotokoza chifukwa chimene munthu wakhalira chete, chifukwa chimene sakulima, ngakhale kupsa mtima msanga. Koma sapereka chilolezo chotukwana kapena kumenya. Akayamba mawu olasa ndimati bambo, ndikudziwa mukuvutika koma mawu awa sindiwalandira, ndikupita kwa anzanga ndibwera dzuwa likapendeka, ndipo ndimapitadi, ndipo ndimabweradi pa nthawi imene ndanena. Kwathu sizinafike pa manja, koma ngati kwanu zafika, kapena akukuopsezani kuti ukachoka ndidzipha, imeneyo si nkhani yopirira, auzeni ankhoswe, auzeni achipatala mawu omwewo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Moyo wa munthu wamkulu sungakhale m'manja mwa munthu mmodzi.

China chimene anesi anatiphunzitsa, chimene ndinaona chikugwira ntchito pamodzi ndi mapilitsi, ndi kusawalanda ntchito zonse. Chifundo chimakuuza kuti gonani ine ndipanga, koma munthu akamangogona matenda amanenepa. Chilakolako chochita zinthu sichibwera kaye ayi, munthu amayamba wachita kenako mtima umatsatira. Ndiye tinkasankha kanthu kamodzi patsiku, kakang'ono zedi, kochita m'mawa dzuwa lisanakwiye. Sabata yoyamba kunali kungondiperekeza kumjigo atanyamula chigubu chimodzi. Kenako kuthirira bedi limodzi la mpiru. Kenako kundimangira dengu la nsomba pa njinga. Sindinkafunsa kuti mukufuna, chifukwa yankho ndi ayi nthawi zonse, ndinkangoti tiyeni, chigubu chanu icho. Akakana sindinkakakamira kapena kulalikira, mawa tiyesanso, ine nkumapita ndekha kumjigoko. Ndipo akachita sindinkawaombera m'manja ngati mwana, amadana nazo, ndinkangoti zikomo bambo mwandipeputsa. Khoma lija anamanga okha, mzere umodzi kapena iwiri ya njerwa patsiku, alamu akuponda dothi.

Ana tinawauza zoona mwachidule, kuti bambo akudwala matenda amene amachotsa mphamvu ndi chisangalalo, akumwa mankhwala, si chifukwa cha inu. Wamkulu ndinamuletsa kujomba kusukulu kuti azilondera bambo ake, imeneyo si ntchito ya mwana.

Inu wosamalira mudziyang'anenso. Anthu osamalira odwala matendawa nawonso amatha kudwala omwewo. Anesi aja tsiku lina atamaliza ndi bambo anatembenukira kwa ine nkufunsa kuti nanga inu mayi mukugona, mukudya, chilipo chimene chikukusangalatsani? Mafunso omwewo ndimadzifunsa ndekha mwezi ukamatha. Ndikaona kuti kukwaya ndayamba kupeza zifukwa zosapitira, kapena ndikukalipira ana pa zopanda pake, kapena ndikulakwitsa chenji pamsika, ndimadziwa kuti katundu wachuluka, ndimaimbira alamu kuti sabata ino mubwere kawiri, ine ndikagone kwa mayi anga usiku umodzi. Ndipo zikapitirira masabata awiri nanenso ndikakhala pa benchi lomwelo ngati wodwala, palibe chamanyazi.

Pano bambo ali bwinoko, chaka chino analima thonje ekala imodzi, bawo anayambiranso. Sindinena kuti zinatha, chifukwa matendawa amatha kubwerera, makamaka kwa munthu amene anadwalapo kale. Kwa iwo nthawi yovuta ndi Januwale mpaka Malichi, mitambo ikangoda cha kumapiri a Thyolo ndipo pa wailesi ayamba kuchenjeza za madzi, tulo timayamba kuthawa. Tinagwirizana ali bwino, osati ali m'matenda, kuti zizindikiro zawo zoyamba ndi kudzuka 3 koloko ndi kusiya bawo, ndipo zikaoneka sabata yathunthu tikupita kuchipatala osadikira deti, popanda kukangana. Mankhwala a thonje mpaka pano amasungidwa kwa alamu, amakatenga tsiku lopopera nkubweza otsala madzulo omwewo. Kabuku ka kuchipatala ndi mapilitsi zimakhala mu jumbo pamodzi ndi ziphaso, kuti madzi akabwera usiku tisadzathawe opanda mankhwala. Deti yotsatira yagwera tsiku limene ndimakaoda nsomba, ndiye apita ndi alamu, ine ndawalembera pa kapepala zoti akafunse, za mutu umene ukumawawa masana ndi zoti kodi kuchepetsa mankhwala angayambe liti.